Msonkho wa m'bajeti ukafika pa wayilesi

Lachisanu pa 23 Febuluwale 2024, nduna ya zachuma ya nthawi imeneyo, a Simplex Chithyola Banda, inawerenga bajeti ya chaka cha 2024/25 m'Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe. Monga mwa nthawi zonse, bajetiyo inawerengedwa m'Chingerezi. M'gawo la misonkho munali mfundo imene anthu apantchito ankaidikira: gawo la malipiro a pamwezi limene silidulidwa msonkho likwera kuchoka pa K100,000 kufika pa K150,000.

Mfundoyi ndi yaifupi, koma khutu likhoza kuitola m'njira zingapo zolakwika. Wina amva kuti malipiro ake akwera ndi K50,000. Wina amva kuti amene amalandira ndalama zoposa K150,000 nkhaniyi siikumukhudza. Winanso, amene amagulitsa tomato mumsika ndipo sanadulidwepo msonkho wa pamalipiro chibadwire, amva kuti boma lachotsa msonkho, mawa lake n'kukangana ndi wodula ziphaso. Anthu onsewa sawerenga chikalata cha nduna. Amamva nkhaniyi pa MBC, pa Zodiak, pa Times kapena pa wayilesi ya m'dera lawo monga Dzimwe ku Mangochi ndi Mudzi Wathu ku Mchinji, ndipo amaimva kamodzi kokha, mwina ali pa kabaza kapena akutsuka mbale. Owerenga nyuzipepala akasokonezeka amabwerera pamzere wapamwamba. Omvera alibe kobwerera.

N'chifukwa chake pepala limene muulutsi amawerenga, lomwe m'nyumba zoulutsira mawu amalitcha sikiripiti, silingakhale mawu a nduna ongotembenuzidwa. Ine ndimaona kuti wolemba sikiripiti ya msonkho ntchito yake yoyamba ndi masamu. Akhale pansi ndi cholembera, awerengetsere kuti munthu mmodzi wa malipiro akutiakuti atsala ndi zingati, ndipo akapeza nambala imeneyo ndiye ayambe kufunafuna mawu.

Masamu ayambe, mawu abwere pambuyo

Msonkho wa pamalipiro, umene pa kapepala ka malipiro umalembedwa kuti PAYE, umadulidwa ndi bwana asanapereke malipiro, ndipo bwanayo ndi amene amakaupereka ku MRA. Suli pa mlingo umodzi. Malipiro amagawidwa m'magawo, ndipo gawo lililonse lili ndi mlingo wake. Chaka cha 2023/24, K100,000 yoyambirira inali yosadulidwa kanthu. Kuchokera pamenepo kufika pa K450,000 ankadula 25 peresenti, kuchokera apo kufika pa K2,500,000 ankadula 30 peresenti, ndipo zopitirira pamenepo 35 peresenti. Bajeti ya 2024/25 sinasinthe maperesentiwo. Inangosuntha malire onse ndi K50,000: gawo laulere linafika pa K150,000, la 25 peresenti linafika pa K500,000, la 30 peresenti linafika pa K2,550,000.

Tsopano titenge mayi wogwira ntchito ya ukalaliki amene amalandira K400,000 pamwezi asanadulidwe kalikonse. Mwezi wa Malichi 2024, K100,000 inali yaulere, ndipo K300,000 yotsalayo inadulidwa 25 peresenti, yomwe ndi K75,000. Mwezi wa Epulo, K150,000 ndiyo inali yaulere, yodulidwa inali K250,000, ndipo msonkho wake unali K62,500. Kusiyana kwake ndi K12,500. Imeneyi ndiyo nkhani yonse kwa mayiyu, ndipo ndi kagawo kamodzi chabe mwa magawo anayi a K50,000 imene iye ankaganiza kuti wapatsidwa.

Wolemba wosamala sakhutira ndi munthu mmodzi. Amayesanso malipiro ena kuti aone ngati chiganizo chimene akufuna kulemba chili choona kwa onse. Mlonda wa K90,000 sankadulidwa kale ndipo sadulidwanso, choncho kusinthaku sikumupatsa ngakhale tambala. Wa K120,000 ankadulidwa K5,000, tsopano sadulidwa kanthu, ndiye phindu lake ndi K5,000 yomweyo. Aliyense wa pakati pa K150,000 ndi K450,000 apindula K12,500 ndendende. Wa K600,000 ankadulidwa K132,500, tsopano K117,500, kusiyana K15,000. Bwana wa K3,000,000 ankadulidwa K877,500, tsopano K860,000, kusiyana K17,500.

Manambala amenewa akaikidwa pamodzi amaulula zimene chiganizo cha nduna sichinanene. Palibe munthu amene anapindula ndalama zoposa K17,500 pamwezi. Ndipo tikawerenga makwacha enieni, wolandira zambiri ndi amene anapindula koposa, pamene wolandira zochepetsetsa sanapeze kanthu. Muulutsi amene anena kuti “boma lapepukitsa msonkho kwa olandira zochepa” wanena zoona kwa kalaliki uja, koma wanamiza mlonda. Chiganizo chotere chimachokera kwa munthu amene sanagwire cholembera.

Manambala onsewa ndi a patebulo la wolemba. Pa wayilesi sangapite onse. Munthu womvera sangasunge m'mutu malire atatu akale, atatu atsopano ndi maperesenti atatu, uku mawu akupitirira. Wolemba asankhe munthu mmodzi amene malipiro ake akufanana ndi a omvera ambiri a wayilesiyo, amutsate kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo enawo angowatchula ndi chiganizo chimodzichimodzi.

Pepala lenileni

Nachi chitsanzo cha momwe sikiripiti ikanalembedwera sabata ya bajeti imeneyo, bilu isanadutse. Manambala alembedwa pano monga magazini amalembera, koma pa pepala la muulutsi amalembedwa mwina, monga ndifotokozere kutsogoloku.

“Omvera athu, tikambe za msonkho umene umadulidwa pa malipiro a anthu apantchito. Ngati mumalandira malipiro pakutha pa mwezi, nkhaniyi ndi yanu. Ngati ndinu mlimi kapena mumachita geni, msonkho uwu si wanu, koma khalani nafe, chifukwa mwina mwana wanu kapena amuna anu ali pantchito.

“Nduna ya zachuma yapempha aphungu kuti asinthe msonkhowu kuyambira pa 1 Epulo. Panopa sunasinthe. Malipiro a Febuluwale ndi a Malichi adulidwa monga kale.

“Kusintha kwake n'kotani? Pa malipiro a munthu aliyense pali gawo limene boma siligwira. Lero gawo limenelo ndi K100,000. Kuyambira Epulo likhala K150,000.

“Taganizirani zidebe zondandalikidwa pa mjigo. Malipiro anu ndi madzi. Amayamba kudzaza chidebe choyamba, ndipo m'chidebe chimenecho boma silitungamo. Chikadzaza, otsalawo amapita m'chidebe chachiwiri. M'menemo boma limatunga K25 pa K100 iliyonse. Chimene nduna yapempha n'chakuti chidebe choyamba chija chikule.

“Titenge mayi amene amalandira K400,000 pamwezi. Lero amadulidwa K75,000. Kuyambira Epulo azidulidwa K62,500. Ndiye kuti azipita kunyumba ndi K12,500 yoonjezera. Ndibwereze: K12,500 pamwezi. Malipiro ake sanakwere. Wachepa ndi msonkho.

“Nanga inuyo? Ngati mumalandira K100,000 kapena kucheperapo, simunkadulidwa kale, ndipo palibe chisinthe. Ngati mumalandira pakati pa K100,000 ndi K150,000, msonkho wanu utheratu. Ngati mumalandira zoposa K150,000, mupindula pakati pa K12,500 ndi K17,500 pamwezi, malinga ndi malipiro anu. Palibe amene apindule K50,000.

“Pakutha pa Epulo, yang'anani kapepala kanu ka malipiro pamzere wolembedwa PAYE. Yerekezani ndi ka Malichi. Ngati malipiro anu ndi omwewo ndipo nambala ya pamzerewo sinatsike, kafunseni kwa owerengera ndalama kuntchito kwanu. Zikakanika kumeneko, pitani ku ofesi ya MRA imene muli nayo pafupi.

“Mwachidule: msonkho wa pamalipiro, kuyambira pa 1 Epulo, aphungu akavomereza. Gawo losadulidwa likhala K150,000. Wolandira K400,000 azitsala ndi K12,500 yoonjezera.”

Muona kuti pepalali layamba ndi kuuza anthu kuti nkhaniyi ndi ya yani. M'dziko muno anthu olandira malipiro a pamwezi odulidwa PAYE ndi ochepa poyerekeza ndi alimi ndi ochita malonda ang'onoang'ono, ndipo wayilesi ya kumudzi ikangoti “msonkho watsika” osanena kuti msonkho uti, omvera ambiri aganiza za msonkho umene iwo amaudziwa. Kwa mayi wa mumsika umenewo ndi chiphaso cha tsiku ndi tsiku, chomwe ndi ndalama ya khonsolo ndipo bajeti ya nduna siichikhudza. Ziganizo ziwiri zoyambirira zija zimapulumutsa wodula ziphaso ku mkangano wa m'mawa.

Muonanso kuti mawu oti peresenti sanamveke. M'malo mwake muli “K25 pa K100 iliyonse”. Si kuti omvera sadziwa peresenti. Ambiri amaidziwa kuchokera ku banki m'khonde ndi kwa akatapila. Vuto ndi lakuti peresenti ikatchulidwa, munthu amaiyika pa malipiro ake onse. Mayi wa K400,000 akamva 25 peresenti awerengetsera K100,000, pamene msonkho wake weniweni ndi K62,500, pafupifupi K16 pa K100 iliyonse ya malipiro ake onse. Zidebe zija zaikidwa kuti zitseke khomo limeneli, ndipo ndi fanizo lokhalo m'pepala lonse. Wolemba akayamba kuonjezera lina la nkhokwe, lina la mbale ya ndiwo, womvera amatsala ndi nkhokwe ndi mbale, nambala itamuthawa.

Nambala imene ikufunika kukhala m'mutu mwa womvera yanenedwa katatu, ndipo kamodzi muulutsi wachita kunena kuti akubwereza. M'magazini kubwereza kotere mkonzi akhoza kukudula. Pa wayilesi n'kofunika, chifukwa wina watsegula wayilesi nkhani ili pakati, ndipo wina mwana anamulirira pamene nambala imatchulidwa koyamba. Ndime yomaliza ija ndi ya anthu amenewo.

Pali chinthu chimene pepalali lachisiya dala. Silinanene kuti mayi uja azitenga K337,500 kunyumba, ngakhale kuti K400,000 kuchotsa K62,500 ndi imeneyo. Chifukwa chake n'chakuti pa kapepala ka malipiro pamakhala zodula zina: penshoni, ngongole ya ku banki kapena ku SACCO, ndalama ya bungwe la apantchito. Muulutsi akatchula ndalama yopita nayo kunyumba, anthu ambiri apeza kuti siikugwirizana ndi yawo ndipo anena kuti wayilesi yanama. Akangotchula kusiyana kwa pamzere wa PAYE, aliyense akhoza kutsimikiza yekha.

Za kalembedwe ka manambala pa pepala la muulutsi, mfundo yake ndi yosavuta. Ndalama kuno timazitchula m'Chingerezi ngakhale tikulankhula Chichewa, ndipo muulutsi aziwerenga momwe anthu amazitchulira pa golosale. Wolemba alembe nambalayo m'mawu monga idzamvekere, ndi kuika manambala ake pambali. Diso la munthu amene ali pa maikolofoni, nyali yofiira itayaka, limatha kudumpha ziro mmodzi, K150,000 n'kusanduka K15,000, ndipo mawu akatuluka sabwezeka. Pepalalo liwerengedwe mokweza ndi wotchi pambali asanalowe mu situdiyo. Paliponse pamene mpweya wathera chiganizo chisanathe, chiganizocho chidulidwe pawiri. Ndipo ngati pali mlonda kapena dalaivala panja, amuwerengere kamodzi n'kumufunsa kuti mayi uja wapindula zingati komanso kuyambira liti. Akalephera kuyankha, wolakwa ndi wolemba.

“Kuyambira liti” ndi theka la nkhani

Cholakwa chimene chimamveka kawirikawiri madzulo a tsiku la bajeti ndi mawu oti “boma lachotsa” kapena “boma lakweza”. Tsiku limenelo nduna imakhala itangopereka maganizo a boma. Aphungu amakakambirana m'makomiti, amabwerera m'Nyumba kukatsutsana, ndipo kusintha kwa msonkho wa pamalipiro kapena wa VAT kumafuna bilu yosintha lamulo la msonkhowo, imene iyenera kudutsa ndi kusainidwa ndi mtsogoleri wa dziko. Pakatikati apa mfundo ikhoza kusinthidwa kapena kuchotsedwa. Choncho pepala la sabata ya bajeti liziti “nduna yapempha” kapena “boma likufuna”, ndipo liwu loti “lasintha” lidikire lamulo.

Koma si misonkho yonse imadikira. Kusintha kwa msonkho wa katundu wolowa m'dziko kawirikawiri kumayamba pakati pa usiku wa tsiku lomwelo la bajeti, kuti amalonda asathamangire kulowetsa katundu kapena kumusunga kunja podikira mlingo watsopano. Nduna imanena yokha m'chikalata chake kuti mfundo ziti ziyamba usiku womwewo ndipo ziti zidikira chaka chatsopano cha boma. Wolemba apeze ndime imeneyo asanalembe chilichonse. Wamalonda amene galimoto yake ili pa Mwanza, pa Dedza kapena pa Songwe, tsiku limodzi lokha likhoza kusintha ndalama zimene alipire, ndipo iye akufuna kumva tsikulo kuposa china chilichonse.

Palinso omvera amene m'mutu mwawo chaka cha boma chimayambabe mu Julaye, chifukwa ndi momwe zinalili kwa zaka zambiri. Zinasintha: bajeti ya 2021/22 inali ya miyezi isanu ndi inayi yokha, ndipo kuchokera mu 2022 chaka cha boma chimayamba pa 1 Epulo. Muulutsi asati “chaka cha mawa cha boma”. Atchule tsiku ndi mwezi, ndipo pa nkhani ya malipiro anene kuti munthu adzaona kusinthako pa malipiro a kumapeto kwa mwezi uti.

Manambala a m'nkhani inoyi ndi a bajeti ya 2024/25. Malire a PAYE asinthidwa kangapo kuyambira mu 2020, pamene gawo laulere linachoka pa K45,000 kufika pa K100,000, ndipo nthawi zina misonkho imasinthidwanso pakati pa chaka, nduna ikamaunika bajeti. Sikiripiti ya chaka chatha siyenera kutulutsidwa m'kabati n'kungosinthidwa tsiku. Masamu onse achitidwenso ndi malire amene ali m'chikalata chatsopano ndi m'chidziwitso cha MRA.

VAT ndi lonjezo limene wayilesi isapereke

Msonkho wa pamalipiro ndi wosavuta pa chinthu chimodzi: lamulo likasintha, nambala ya pa kapepala imasintha, ndipo muulutsi akhoza kulonjeza ndalama yake. VAT ndi ina. Imakhudza aliyense wogula m'sitolo, choncho omvera ake ndi ochuluka, koma zotsatira zake pa mtengo palibe angazilonjeze.

Chitsanzo chodziwika ndi mafuta ophikira. Mu bajeti ya 2022/23, nduna ya zachuma ya nthawiyo, a Sosten Gwengwe, inachotsa VAT ya 16.5 peresenti pa mafuta ophikira ndi pa madzi a m'mipope. Anthu anayembekezera kuti botolo litchipa. Koma masiku omwewo nkhondo ya ku Ukraine inayamba, mitengo ya mafuta ophikira pa msika wa dziko lonse inakwera, ndalama zakunja zinali zosowa, ndipo mu Meyi 2022 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti. Makampani opanga mafutawa amadalira zipangizo zoitanitsa kunja. Wogula sanaone mpumulo umene ankayembekezera. Wayilesi imene inati “mafuta atsika mtengo” inalonjeza chinthu chimene sichinali m'manja mwa nduna.

Ngakhale zinthu zina zonse zikanakhala chimodzimodzi, masamu a VAT ali ndi msampha wawo. Tinene kuti botolo likugulitsidwa K11,650, VAT ya 16.5 peresenti ili momwemo. Mtengo wake wopanda msonkho ndi K10,000, ndipo msonkho ndi K1,650. VAT ikachoka, mtengo ukhoza kutsika ndi K1,650 basi, yomwe ndi pafupifupi K14 pa K100 iliyonse ya mtengo wa pa shelefu. Wolemba wothamanga amatenga 16.5 peresenti ya K11,650, n'kupeza K1,922, n'kulengeza kutsika kumene sikungachitike. Njira yoona ndi kugawa mtengo wa pa shelefu ndi 1.165 kuti mtengo wopanda msonkho uoneke.

Pali funso linanso limene wolemba afunse kwa a MRA kapena kwa katswiri wa misonkho asanalembe, chifukwa “kuchotsa VAT” kumachitika m'njira ziwiri. M'njira yoyamba katunduyo amaikidwa pa mlingo wa ziro: wogula salipira VAT, ndipo kampani imabwezeredwa VAT imene inalipira pogula zipangizo, mabotolo ndi zina. M'njira yachiwiri katunduyo amangotulutsidwa m'gulu la zolipira VAT: wogula salipira, koma kampani siibwezeredwa zimene inalipira, ndiye imaziika mu mtengo. M'njira yachiwiriyi mtengo umatsika pang'ono kuposa momwe masamu a pamwamba aja akusonyezera. Omvera safunika kumva zonsezi, koma wolemba akazidziwa amasankha mawu oyenera. Ndime yake ikhoza kumveka motere:

“Pa botolo la K11,650, msonkho wa boma unali K1,650. Msonkho umenewo ukuchoka. Izi sizikutanthauza kuti mawa mupeza botololo pa K10,000, chifukwa mtengo amaika ndi opanga ndi ogulitsa, ndipo iwo amayang'ananso mtengo wa dola ndi wa zipangizo. Chimene mungachite ndi kuyang'ana lisiti lanu. Pa mafuta ophikira sipayenera kuonekanso VAT.”

Apa muulutsi wanena chimene akuchidziwa, wakana kulosera, ndipo wapatsa womvera chinthu choti aone ndi maso ake. M'masitolo akuluakulu lisiti limasonyeza VAT payokha. Pa okala ya m'mudzi lisiti palibe, ndipo mwini okala, amene nthawi zambiri sanalembetse n'komwe za VAT, amagulitsa malinga ndi mtengo umene iye anapikulira. Katundu amene anapikula msonkho usanachoke amugulitsa pa mtengo wakale mpaka athe.

Foni zikayamba kulira

Pulogalamu yabwino ya bajeti imatsegula mafoni, ndipo wolemba wodziwa ntchito amakonzeratu mayankho a mafunso amene abwere ndithu, n'kuwaika pa tsamba lachiwiri. Limodzi silephera. Bambo wina aimba n'kunena kuti kuntchito akufuna kumukweza kuchoka pa K500,000 kufika pa K520,000, koma anzake amuuza kuti akalola alowa m'gulu la 30 peresenti ndipo azitenga zochepa kuposa kale. Mantha amenewa ndi ofala, ndipo amachokera ku kuyika peresenti pa malipiro onse: 30 peresenti ya K520,000 ndi K156,000, yomwe ikanakhaladi yoopsa.

Yankho likhale lokonzeka: “Ayi bambo, landirani kukwezedwako. Pa K500,000 mumadulidwa K87,500. Ndalama yoonjezerayo ndi K20,000, ndipo ndi yokhayo imene ilowe m'chidebe chachitatu. Pa imeneyo boma litenga K6,000, inu mutsala ndi K14,000. Msonkho wanu wonse ukhala K93,500. Kukwezedwa malipiro sikungakuchepetsereni ndalama chifukwa cha msonkho uwu.”

Woimba wina sadzafunsa funso, adzangodandaula kuti K12,500 ndi chiyani poona momwe zinthu zakwerera. Ameneyu ali ndi mfundo, ndipo muulutsi asamuthamangitse kapena kuyamba kuikira boma kumbuyo. Zoona zimene zikudziwika azinene: gawo laulere linakhala pa K100,000 kuchokera mu 2020 mpaka Malichi 2024, ndipo m'zaka zimenezo kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. K150,000 ya mu 2024 siinkagula zimene K100,000 inkagula mu 2020 ngati katunduyo ndi wodalira dola. Kunena zimenezi si ndale. Ndale zimayamba pamene pepala lalembedwa kuti “boma lachitira chifundo apantchito” kapena “boma lapusitsa apantchito”. Mawu otero akhale a nduna, a otsutsa kapena a mabungwe a apantchito, ndipo muulutsi atchule mwini wake. A wayilesi ndi makwacha ndi tsiku.

Padzakhalanso woimba amene nkhani yake ndi yakeyake: ali ndi ntchito ziwiri, kapena amalandira ndalama ya nyumba pamwamba pa malipiro, kapena bwana wake amamudula msonkho koma samupatsa kapepala. Apa muulutsi asayese kuwerengetsera pa mphepo, chifukwa nambala yolakwika imene yanenedwa kwa munthu mmodzi imamvedwa ndi chigawo chonse. Anene kuti masamu a m'pulogalamuyo ndi a munthu wa ntchito imodzi ndi malipiro amodzi, alembe funsolo, ndipo alipereke kwa mlendo wochokera ku MRA ngati ali mu situdiyo, kapena alonjeze kubwera ndi yankho lake pulogalamu ya sabata yotsatira, nthawi yomweyo.